Kagawidwe ka ndalama za hayala ya lole potengera kulemera kwa katundu wa aliyense

Amalonda angapo akagwirizana zotenga lole imodzi ya hayala, mwini lole amatchula mtengo umodzi wa ulendo wonse, ndipo sizimukhudza kuti thumba ili ndi la yani kapena mgolo uwo ndi wa yani. Ntchito yogawana ndalamayo imatsala m'manja mwa eni katundu. Kugawana mofanana ndi kosavuta, koma kumapweteka amene wanyamula zochepa, pomwe kuwerenga chiwerengero cha matumba ndi makatoni kumasocheretsa chifukwa mitolo ya katundu silemera mofanana. Njira imene anthu ambiri amaivomereza popanda kudandaula ndi yakuti aliyense alipire molingana ndi makilogalamu amene wakweza, ndipo masamu ake ndi ochepa: ndalama zonse za ulendo zigawidwe ndi kulemera kwa katundu yense kuti mupeze mtengo wa kilogalamu imodzi, kenako aliyense achulukitse mtengowo ndi makilogalamu ake. Mikangano yambiri siyambira pa masamuwa ayi, imayambira pa manambala amene mwalowetsamo, choncho malangizowa akhalitsa pamenepo.

Kuti zonse zioneke bwino, titsatira ulendo umodzi wa amalonda anayi amene atenga lole yololedwa kunyamula matani 7, omwe ndi makilogalamu 7,000. Tiwatchula ndi katundu wawo: wa matumba, wa makatoni, wa migolo ndi wa mabelo. Ndalama zimene zatchulidwa ndi zongofanizira, ndipo masamu ake sasintha ngakhale mukugwiritsa ntchito ndalama za mtundu wanji.

Choyamba: gwirizanani njira lole isanafike

Mfundo yakuti ndalama zigawidwa potengera kulemera inenedwe ndi kulembedwa katundu asanakwezedwe. Munthu amene anamva ndi kuvomera njirayi asanadziwe kuti gawo lake likhala lotani savuta polipira, pomwe amene wauzidwa kumapeto kwa ulendo amaganiza kuti anzake asankha njira yowakomera. Pa nthawi yomweyo sankhani munthu mmodzi wosunga kope ndi wina wowerenga sikelo, ndipo ntchito ziwirizi zisakhale za munthu mmodzi.

Chachiwiri: lembani ndalama zonse zofunika kugawana

Funsani mwini lole kuti anene mosabisa zimene zili m'kati mwa mtengo wake. Eni malole ena amatchula mtengo wophatikiza mafuta ndi malipiro a dalaivala, ena amatchula mtengo wa galimoto yokha n'kusiyira eni katundu kugula mafuta. Funsaninso amene adzalipire pa zipata zolipiritsa pamsewu, komanso ngati pali ndalama yowonjezera lole ikachedwetsedwa pokweza kapena potsitsa. Zimenezi zikapanda kufunsidwa, zimadzatulukira panjira, ndipo amene anali ndi ndalama m'thumba pa nthawiyo ndiye amalipira n'kumadzavutika pouza anzake kuti amubwezere.

Muyeso wodziwira ngati ndalama ina ilowe pa gulu ndi uwu: kodi yalipiridwa chifukwa cha lole ndi katundu wa onse, kapena chifukwa cha munthu mmodzi? Malipiro a okweza ndi otsitsa katundu wa onse ndi a gulu. Msonkho umene ukukhudza mtundu wa katundu wa munthu mmodzi ndi wake yekha, chimodzimodzinso mtengo wa mafuta opatukira kukatenga katundu wa mmodzi kutali ndi msewu umene lole ikudzera.

Pa ulendo wathu mwini lole watchula 840,000, mafuta ndi dalaivala zili momwemo. Okweza ndi otsitsa katundu alandira 45,000, ndipo pa zipata za pamsewu palipiridwa 15,000. Zonse pamodzi ndi 900,000, ndipo iyi ndiyo ndalama yogawana.

Chachitatu: yezani katundu wa aliyense

Pano ndi pofunika kudekha, chifukwa nambala yolakwika ya munthu mmodzi imasintha gawo la aliyense. Gwiritsani ntchito sikelo imodzi pa katundu wa onse. Sikelo ikakhala kuti imawonjezera pang'ono pa muyeso uliwonse, mwachitsanzo makilogalamu 2 pa 100 alionse, cholakwikacho chimagwera onse mofanana ndipo magawo a ndalama sasintha ngakhale pang'ono. Koma aliyense akabwera ndi nambala yochokera pa sikelo yakeyake, amene sikelo yake imachepetsa amalipira zochepa ndipo kusiyanako kumagwera anzake. Ikani sikelo pamalo olimba ndi osapendekeka, onetsetsani kuti ikuloza pa ziro musanaikepo kanthu, ndipo musaikepo katundu wopitirira malire amene alembedwa pa sikeloyo.

Yezani katundu pamodzi ndi chotengera chake. Lole imanyamula mgolo ndi zam'kati mwake zomwe, ndiye kulemera kwa mgolo, bokosi kapena kreti kuwerengedwe kwa mwini wake. Pali msampha wina pa migolo ndi zigubu: nambala yolembedwa kunja nthawi zambiri imakhala ya malita, osati makilogalamu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, koma mafuta amapepuka kuposa madzi ndipo zamadzimadzi zina zimalemera kuposa madzi, choncho malita sangalembedwe m'kope ngati makilogalamu popanda kuyeza.

Ngati katundu ndi wofanana ndipo ndi wotsekedwa kufakitale, palibe chifukwa choyezera thumba lililonse. Wowerenga sikelo asankhe yekha matumba asanu kuchokera mbali zosiyanasiyana za mulu, awayeze, aphatikize makilogalamuwo n'kugawa ndi 5, kenako achulukitse yankholo ndi chiwerengero cha matumba onse. Mwini katundu asasankhe yekha matumba oyeza, ngakhale atakhala munthu wokhulupirika, kuti pasapezeke wokayikira. Matumba odzazidwa ndi manja ndi nkhani ina, chifukwa awiri ooneka ofanana akhoza kusiyana kwambiri, ndipo oterowo ayezedwe limodzilimodzi ngakhale zitenge nthawi.

Katundu awerengedwe pamene akukwera, osati ali pansi, popeza pamakhala wina amene amatsala kapena kuwonjezedwa pa mphindi yomaliza. M'kope mwa amalonda athu mwalembedwa motere: wa matumba wakweza matumba 48 a makilogalamu 50 lililonse, omwe ndi makilogalamu 2,400. Wa makatoni wakweza makatoni 74 a makilogalamu 25, omwe ndi 1,850. Wa migolo wakweza migolo 5 ya makilogalamu 230 uliwonse, yomwe ndi 1,150. Wa mabelo wakweza mabelo 12 a makilogalamu 50, omwe ndi 600. Katundu yense ndi makilogalamu 6,000, ndipo aliyense asaine pa mzere wake lole isananyamuke.

Taonani mmene kuwerenga mitolo kukanasokonezera zinthu: wa makatoni ali ndi mitolo 74 pomwe wa migolo ali ndi 5 yokha, chonsecho kulemera kwa katundu wawo sikukusiyana ngakhale kawiri.

Ngati pali sikelo yaikulu yoyezera galimoto, ingakuthandizeni kutsimikiza. Lole imayezedwa yopanda kanthu, n'kudzayezedwanso itadzaza, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kulemera kwa katundu. Musayembekezere kuti nambalayo ifanane ndendende ndi ya m'kope, chifukwa mafuta a m'thanki, anthu okwera ndi lona zimalowa momwemo. Koma ngati kope likuti 6,000 pomwe sikelo yaikulu ikuti 6,500, ndiye kuti pali katundu amene sanalembedwe kapena anayezedwa molakwika, ndipo ndi bwino kufufuza musanagawane ndalama.

Chachinayi: pezani mtengo wa kilogalamu imodzi ndi gawo la aliyense

Gawani 900,000 ndi 6,000, ndipo mupeza 150. Umenewu ndi mtengo wonyamulira kilogalamu imodzi pa ulendowu. Wa matumba achulukitsa 2,400 ndi 150 n'kupeza 360,000. Wa makatoni alipira 277,500, wa migolo 172,500, ndipo wa mabelo 90,000. Musanatolere ndalama, phatikizani magawo anayiwo: akukwana 900,000, kusonyeza kuti masamu ayenda bwino. Kuphatikiza kumeneku kusadumphidwe, chifukwa ndi kumene kumaulula cholakwika chilichonse cha pa makina owerengetsera.

Akanagawana mofanana, aliyense akanapereka 225,000. Wa mabelo akanalipira 375 pa kilogalamu, pomwe wa matumba akanalipira zosakwana 94 pa kilogalamu, ndiye kuti phindu la wamng'ono likanathera kunyamulira katundu wa wamkulu.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika kawirikawiri pa gawo limeneli. Choyamba ndi kugawa ndalama ndi kulemera kumene lole imaloledwa kunyamula m'malo mogawa ndi kulemera kumene yanyamuladi. Wina akhoza kunena kuti poti lole ndi ya makilogalamu 7,000, mtengo wa kilogalamu ndi 900,000 kugawa ndi 7,000, yomwe ndi 128.57. Aliyense akalipira pa mtengo umenewo, ndalama zotoleredwa zingokwana 771,420, n'kutsala 128,580 yopanda woipereka. Malo opanda kanthu mu lole amalipiridwa ndi onse amene akwezamo, ndipo ichi n'chifukwa chake kupeza wamalonda wachisanu wodzaza malo otsalawo kumatsitsa mtengo kwa aliyense.

Chachiwiri ndi kudula manambala a pambuyo pa kadontho msanga. Pa chitsanzo chathu yankho latuluka lopanda zotsalira, koma nthawi zambiri sizitero. Katundu akanakhala makilogalamu 6,130, mtengo wa kilogalamu ukanakhala pafupifupi 146.82. Kuutsitsa kuti ukhale 146 kungaoneke ngati chinthu chaching'ono, koma mukachulukitsa ndi 6,130 mupeza 894,980, ndipo ndalama zapereweka ndi 5,020. Kuukweza kufika 147 kutolera 901,110, ndipo ndalama yopitirirayo imadzetsa funso lakuti yapita kwa yani. Sungani manambala awiri kapena atatu a pambuyo pa kadontho mpaka mutamaliza kuchulukitsa, kenako muzungulize gawo la munthu aliyense kumapeto. Tindalama tochepa totsala kapena toperewera tigwere amene ali ndi gawo lalikulu, chifukwa kwa iye sitimveka.

Ngati wina anapereka kale ndalama, monga chikole chosungitsira lole, musaichotse pa 900,000 musanagawe. Gawani ndalama yonse kaye, kenako muchotse chikolecho pa gawo la amene anapereka. Wa makatoni akakhala kuti anapereka 200,000 kwa mwini lole dzulo lake, gawo lake likadali 277,500, ndipo chotsala kuti apereke ndi 77,500. Mukachotsa chikolecho poyamba, ndalama ya munthu mmodzi imasanduka mphatso kwa gulu lonse.

Ngati wina atsitsira katundu panjira

Kulemera kokha kumakwanira pamene katundu yense akuyambira malo amodzi n'kukathera malo amodzi. Tiyerekeze tsopano kuti ulendo ndi wa makilomita 300, koma wa migolo akutsitsa pa makilomita 180. Sikungakhale chilungamo kumulipiritsa ngati wafika kumapeto. Apa kulemera kwa aliyense kuchulukitsidwe ndi mtunda umene katundu wake wayenda, ndipo kuti manambala asatalike ndi bwino kugwiritsa ntchito matani. Wa matumba ali ndi matani 2.4 kuchulukitsa ndi 300, zomwe ndi 720. Wa makatoni apeza 555, wa mabelo 180, pomwe wa migolo achulukitsa matani 1.15 ndi 180 n'kupeza 207. Zonse pamodzi ndi 1,662.

Mtunda umakhudza mtengo wa lole yeniyeniyo, womwe ndi 840,000. Mukaugawa ndi 1,662 mupeza pafupifupi 505.415, ndipo aliyense achulukitsa nambala yake ndi imeneyi. Wa matumba alipira 363,899, wa makatoni 280,505, wa mabelo 90,975, ndipo wa migolo 104,621 m'malo mwa 161,000 imene akanalipira pa mtengo wa lole akanafika kumapeto. Ndalama ya okweza ndi otsitsa sidalira mtunda, choncho igawidwe ndi kulemera kokha monga kale, ndipo ya pa zipata igawidwe pakati pa amene katundu wawo anali m'lole podutsa chipatacho.

Ena amakonda kudula ulendo m'zigawo ziwiri: makilomita 180 oyamba, omwe mtengo wake ndi 504,000, agawidwe pakati pa onse anayi, ndipo makilomita 120 otsalawo, omwe ndi 336,000, agawidwe pakati pa atatu otsala. Pa njira imeneyi wa migolo alipira 96,600 basi. Njira zonse ziwiri zili ndi nzeru yake, koma mayankho ake ndi osiyana, ndipo ngati simunasankhe imodzi poyamba, aliyense adzaumirira imene ikumukomera. Ine ndimakonda yoyamba, chifukwa wotsika panjira amasiya malo amene sadzazidwanso, ndipo ndi koyenera kuti athandizeko pang'ono pa mtolo umene wasiyira anzake.

Katundu wopepuka koma wodya malo

Lole ili ndi malire awiri: kulemera kumene ingasenze ndi malo amene ili nawo. Katundu ngati mabeseni apulasitiki, matilesi kapena zigubu zopanda kanthu amadzaza lole asanafike ngakhale theka la kulemera kololedwa, ndipo mwini wake akalipira potengera makilogalamu okha, amakhala atatenga malo aakulu pa mtengo wochepa. Makampani onyamula katundu amathana ndi vutoli posandutsa malo kukhala makilogalamu, kenako n'kulipiritsa potengera nambala yaikulu pakati pa kulemera kwenikweni ndi kulemera kwa malo. Amalonda angachite chimodzimodzi pogwiritsa ntchito miyeso ya lole yawo.

Yezani m'kati mwa lole ndi tepi: m'litali, m'lifupi ndi kutalika kumene katundu angafike popanda ngozi, zonse m'mamita, ndipo muchulukitse manambala atatuwo. Tinene kuti lole yathu yapereka 28, kutanthauza kuti mungalowe mabokosi 28 a mita imodzi mbali zonse. Gawani 7,000 ndi 28, ndipo mupeza kuti malo a bokosi limodzi lotere ndi ofanana ndi makilogalamu 250. Belo lililonse la wamalonda wachinayi ndi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi theka la mita m'mwamba, ndiye mabelo 12 akudya malo a mabokosi 6. Kuchulukitsa 6 ndi 250 kukupereka 1,500, yomwe ikuposa makilogalamu 600 a pa sikelo, choncho m'kope mulembedwe 1,500. Katundu wa atatu enawo ndi wolemera koma wodya malo ochepa, ndiye manambala awo a pa sikelo sasintha.

Kulemera kogawira tsopano ndi 6,900, ndipo 900,000 kugawa ndi 6,900 ndi pafupifupi 130.435. Wa mabelo alipira 195,652, wa migolo 150,000, wa makatoni 241,304, ndipo wa matumba 313,044. Gawo la wa mabelo lakwera kuposa kawiri, ndipo n'zosachita kufunsa kuti sangalandire nkhaniyi mosangalala ikamufika katundu atakwera kale. Maganizo anga ndi akuti njirayi igwiritsidwe ntchito pokhapokha ngati malo avutadi, monga pamene katundu wa wina watsala chifukwa mabelo adzaza lole, kapena pamene gulu latenga lole yaikulu ndi yodula chifukwa cha katundu wopepukayo. Ngati lole yanyamuka ili ndi malo ambiri otsala ndipo palibe amene wamanidwa, kulemera kwa pa sikelo n'kokwanira. Kumbukiraninso kuti nambala ya 6,900 ndi yogawira ndalama basi. Katundu amene matayala asenza akadali makilogalamu 6,000.

Lole ikapitirira kulemera kololedwa

Kope la makilogalamu lili ndi ntchito inanso, yokuchenjezani lole isanadzaze mopitirira. Wosunga kope aziphatikiza manambala pamene katundu akukwera, ndipo akafika pa malire aimitse ntchito. Afunse dalaivala za kulemera kwa katundu kumene galimotoyo imaloledwa kunyamula, chifukwa nambala ina yolembedwa pa galimoto kapena pa mapepala ake imakhala ya lole pamodzi ndi katundu wake. Kakonzedwe ka katundu nakonso n'kofunika, popeza pa masikelo apamsewu amayezanso kulemera kumene kwagwera pa mzere uliwonse wa matayala, ndipo migolo ikaunjikidwa kumbuyo kwenikweni lole ikhoza kupezeka yolakwa ngakhale katundu yense sanapitirire malire.

Za chindapusa mukambirane ndi mwini lole musananyamuke. Ngati chagwera eni katundu ndipo onse anavomereza kukweza mopitirira akudziwa, chigawidwe ndi kulemera ngati ndalama zina zonse. Ngati chadza chifukwa mmodzi anawonjezera katundu kope litatsekedwa kale, kapena anabisa kulemera kwenikweni kwa katundu wake, chindapusacho ndi chake yekha, ndipo makilogalamu owonjezerawo alembedwe pa mzere wake kuti magawo a hayala awerengedwenso.

Kutolera ndi kulipira

Ndalama zitoleredwe katundu asanatsitsidwe, chifukwa munthu amene katundu wake ali kale m'manja mwake safulumira kulipira, ndipo mwini lole amayang'ana kwa amene anapangana naye, osati kwa gulu lonse. Zolipira zimene zatulukira panjira ziwonjezeredwe pa mndandanda pamodzi ndi malisiti ake, ndipo zigawidwe ndi makilogalamu omwe aja. Mwachitsanzo, ngati lole yagona panjira n'kulipira 12,000 ya malo oimikapo, ndiye kuti kilogalamu iliyonse pa 6,000 ija yawonjezera 2, ndipo wa matumba apereka 4,800, wa makatoni 3,700, wa migolo 2,300, wa mabelo 1,200. Mwini lole alipidwe pamaso pa anthu osachepera awiri a m'gululo ndipo asaine m'kope momwemo, kenako aliyense ajambule tsambalo pa foni kapena alikopere, kuti mtengo wa kilogalamu wa ulendowu audziwe pamene akuika mitengo pa katundu wake.